Pabwalo: Kukana Si Udani

Sabata yatha mnzanga wa m'gulu lathu la alimi kuno ku Lifidzi anafika kwathu dzuwa lili paliwombo, ndikumasula ng'ombe pagoli.

"Achimwene, mundibwereke ng'ombe ndi ngolo lero lomwe. Ndakumba mbatatesi kudimba, matumba 20, ndipo galimoto yopita ku Ulongwe idzaima pamsewu Loweruka. Ndikufuna nditute ulendo umodzi."

Inu owerenga amene muli ndi ng'ombe mwaona kale vuto. Matumba 20 a makilogalamu 50 ndi tani yathunthu, pamene ngolo yanga, panjira yokwera ngati ya kudimbako, imakwana matumba 10. Komanso ng'ombe zimene zalima kuyambira mbandakucha zimafunika kudya, kumwa ndi kubzikula. Ukazikakamiza zimachita thovu kukamwa, kenako zimagona panjira. Pakhosi pakatupa kapena kunyuka ndi goli, ndiye kuti kulima kwaima masiku angapo, mvula yodzalira ikupita.

Kukana kunali koyenera. Nkhani inali kakanidwe kake.

Poyamba ndinamupatsa mpando kuseri kwa nkhokwe, kutali ndi ana. Munthu ukamukana pagulu, chimene amatenga ndi manyazi, chifukwa chako sachimva. Atamaliza kufotokoza ndinati:

"Pepani achimwene, lero sizitheka, ndipo matumba 20 ulendo umodzi sindingalole. Taonani nokha mmene zikupumira ng'ombezi. Koma mawa Lachinayi ndi mkuja Lachisanu ndisiya kulima msanga, zipume. Dzuwa likapendeka ndibwera ndekha ndi ngolo, titute matumba 10 tsiku lililonse. Pofika Loweruka onse adzakhala ali pamsewu."

Muone kuti chifukwa ndinachiika pa ng'ombe, osati pa iye. Sindinamukumbutse za khasu limene anabweza lothyoka chaka chatha. Ndiponso chimene ndinalonjeza chinali ndi tsiku lake ndi muyeso wake.

Akuluakulu amati kukana nsalu ya akulu n'kuviika. Ndi zoona, koma ambirife timaviika nsaluyo n'kuiiwala m'madzi. Timangoti "tiona" kapena "mubwere mawa", mumtima titakana kale. Mnzako amamva ngati wavomera, n'kukapangana ndi mwini galimoto. Tsikulo likafika ng'ombe palibe, ndalama zake zapita, ndipo chidani chayamba pomwepo. Bodza lakuti ng'ombe ikudwala nalonso silikhalitsa, pakuti m'mawa mwake mudzi wonse udzaiona ili pa pulawo.

Mnzangayo anachoka nkhope ili gwaa, osatsanzika bwino. Ndinavutika mumtima, koma sindinamuthamangire kuti ndisinthe mawu. Lachinayi madzulo ndinafika kudimba monga ndinanenera, ndipo ndinamupeza atamanga kale matumba 10.

Chenjezo ndi limodzi: musalonjeze chimene simungathe pofuna kungofewetsa kukana kwanu. Ndikanapanda kufika Lachinayi lija, bwenzi nditamukana kawiri.