Mwaphonya tsiku lobweza ngongole? Musathamangire kwa katapila

Mu Januwale ndi Febuluwale, soya ndi mtedza zikadali m'munda, kuphonya tsiku lobweza ku banki mkhonde si zachilendo kuno ku Dowa ndi Ntchisi. Choopsa ndi manyazi amene amatitumiza kwa katapila. Ine ndikuti, amayi anzanga, ngongole ya m'gulu ikambidwe m'gulu momwemo.

Tiwerengere limodzi. Tinene kuti mumayenera kubweza K30,000. Mukakaitenga kwa katapila wofuna theka pamwezi, mwezi wamawa adzakufunsani K45,000. M'gulu lolipiritsa K20 pa K100 iliyonse, idzangofika K36,000, kuwonjezerapo chindapusa ngati malamulo anu amatero. Ndiponso chiwongoladzanja cha m'gulu mumadzagawana pakutha pa chaka.

Choncho musadikire kuti akutsateni. Pasanathe masiku awiri, kaonaneni ndi amayi apampando ndi alembi, ndipo mufunse kuti m'buku mwatsala zingati.

Masiku otsatirawo, pezani yomwe mungathe pogulitsa nkhuku kapena pogwira ganyu. Mukapereka K10,000, yotsala ndi K20,000, ndipo mwezi wamawa idzakhala K24,000. Koma musagulitse feteleza kapena mbewu zili m'munda, chifukwa zokololazo ndizo zidzamalize ngongoleyo.

Sabata isanathe, pemphani kuti nkhani yanu ikambidwe pamsonkhano. Ndalama muperekere pamaso pa onse, ilembedwe. Tchulani tsiku lomwe mungalikwanitsedi, monga mukagulitsa soya ku Mponela mu Meyi. Mukaphonyanso tsiku lodzisankhira nokha, gulu lidzavutika kukukhulupiriraninso.