Masabata awiri akwana, bola muyambire pa udzudzu

Amene mukulemba mayeso omaliza a phunziro la tizilombo tofalitsa matenda masabata awiri akudzawa, ndikudziwa zimene ambiri mwakonza. Mwalemba mndandanda wautali, kachilombo kumanzere, matenda kumanja, ndipo mukuuloweza ngati ndime ya Sande sukulu. Mndandandawo ukupatsani malikisi angapo, koma udzakutayani pa funso lalikulu, lofunsa chifukwa chimene neti imathandiza pa malungo koma siithandiza kwenikweni pa dengi. Yankho lake lili m'moyo wa kachilomboko: udzudzu wa Anofelesi umaluma usiku munthu ali pamphasa, pamene wa Edesi umaluma masana iye ali pantchito.

Choncho pa kachilombo kalikonse dzifunseni mafunso anayi okha. Kamaswana kuti? Kamaluma nthawi yanji, ndipo kamapumira kuti? Nthenda imachoka bwanji m'thupi mwake kulowa mwa munthu? Nanga tingakagonjetsere pati? Mukayankha bwino atatu oyambawo, lachinayi limadziyankha lokha.

Masiku anayi oyambirira apatseni udzudzu, ndipo musadandaule kuti tizilombo tina tikudikira. Tsiku loyamba jambulani pamanja dzira, mphutsi ndi udzudzu waukulu wa mitundu itatu iyi: Anofelesi, Kyuleksi ndi Edesi. Anofelesi amaikira mazira limodzilimodzi, lililonse lili ndi toyandamitsa m'mbali. Kyuleksi amawamata pamodzi n'kuwayandamitsa pamadzi, pamene Edesi amawaika m'mphepete mwa chitini kapena tayala, ndipo amatha kukhala miyezi ali ouma osafa. Mphutsi ya Anofelesi ilibe kampope kopumira, n'chifukwa chake imagona chopingasa pansi penipeni pa nkhope ya madzi. Ya Kyuleksi imalendewera mutu pansi. Mukamvetsa chifukwacho simudzafunikanso kuloweza.

Masiku awiri otsatira akhale a Anofelesi wa kwathu kuno. Gambiye ndi arabiyensisi amaswana m'zithaphwi zoombedwa ndi dzuwa, monga m'mapazi a ng'ombe ndi m'maenje oumbira njerwa, motero amachuluka ndi mvula. Funesitasi amakonda madzi okhalitsa okhala ndi udzu, ndiye amapitiriza kufalitsa malungo ngakhale mvula italeka. Arabiyensisi amaluma ng'ombe ndi anthu omwe, ndipo sachita manyazi kupumira panja, choncho kupopera mankhwala m'makoma sikumugwira mokwanira. Kumbukiraninso kuti gambiye ndi arabiyensisi simungawasiyanitse pa maikulosikopu. Pamafunika kuyeza majini awo. Aphunzitsi amalikonda funso limeneli chifukwa limakola ambiri. Tsiku lachinayi litsalire Edesi, Kyuleksi ndi matenda otupitsa miyendo ndi phudzi, amene m'midzi ya kuno ankafalitsidwanso ndi Anofelesi yemweyo, ndipo bungwe loona zaumoyo padziko lonse linavomereza mu 2020 kuti Malawi wawathetsa ngati vuto la dziko.

Tsiku lachisanu ndi la kashembe wa kaodzera, nthenda imene ikupezekabe kwa anthu oyandikana ndi nkhalango za Vwaza, Nkhotakota ndi Kasungu. Apa iwalani kaye zonse za udzudzu. Wamwamuna ndi wamkazi onse amayamwa magazi. Wamkazi saikira mazira m'madzi. Amalera mphutsi imodzi m'mimba, n'kuibereka pafupifupi masiku khumi alionse, ndipo imalowa m'dothi nthawi yomweyo. Kachilombo kobereka pang'onopang'ono chotero sikapirira imfa zochuluka, n'chifukwa chake nsalu zabuluu ndi zakuda zopaka mankhwala zimakwanitsa kuchepetsa gulu lake. Lachisanu ndi chimodzi tengani ntchentche zing'onozing'ono zakuda zoswana m'mitsinje yothamanga ya ku Thyolo ndi Mulanje, zofalitsa nthenda yoyabwa imene imathanso kupha maso. Tizilombo ta kutali, monga tofalitsa nthenda ya Chagasi ku South America, tipatseni madzulo amodzi basi.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri ikani utitiri, nsabwe, nkhufi ndi nkhupakupa patebulo limodzi, n'kulimbikira funso lachitatu lija, pakuti si tizilombo tonse timapatsira kudzera m'malovu. Utitiri wa makoswe ukadwala, njira ya chakudya imatsekeka, ndiye umasanzira majeremusi pabala pamene ukuyesa kuyamwa. Nsabwe ya m'zovala imapatsira taifasi kudzera m'chimbudzi chake, munthu akachikandira pakhungu. Nsikidzi, ngakhale zimatisowetsa tulo, sizinapezeke kuti zimafalitsa nthenda pakati pa anthu. Ambiri amazilembera mlandu umene sizinapalamule.

Sabata yachiwiri si yowerenganso buku. Tsiku lachisanu ndi chitatu tsekani zonse, tengani pepala loyera, mulembe mayankho anayi aja a kachilombo kalikonse kuchokera m'mutu. Pamene dzanja laima, pamenepo ndiye pofunika kubwerera. Kuwerenga notsi kachitatu kumanamiza, chifukwa maso amazindikira tsamba pamene mutu sunagwire kanthu.

Masiku awiri otsatira ndi a masamu, amene ophunzira ambiri amawathawa mpaka usiku womaliza. Tiyeni tichite limodzi. Mwagwira udzudzu m'mudzi, mwapeza kuti munthu mmodzi amalumidwa ka 10 usiku uliwonse, ndipo udzudzu 2 pa 100 uliwonse uli ndi tizilombo ta malungo m'malovu. Chulukitsani 10 ndi 0.02, mupeza 0.2 pa usiku. Pa chaka, 0.2 kuchulukitsa ndi 365 ndi 73. Munthu ameneyu amalumidwa ndi udzudzu wopatsira ka 73 pachaka. Ambiri amalakwa poiwala kusandutsa peresenti, n'kupeza 7,300, chiwerengero chimene chikanayenera kuwadabwitsa asanachilembe.

Samu yachiwiri ndiyo mtima wa phunziro lonse. Tizilombo ta malungo timafuna masiku khumi kapena kuposerapo m'thupi la udzudzu tisanafike m'malovu. Tiyerekeze kuti ndi 12. Ngati udzudzu 90 pa 100 umapulumuka tsiku lililonse, wofika tsiku la 12 ndi `0.9^12`, pafupifupi 28 pa 100. Tsitsani kupulumukako kufika pa 80, ndipo `0.8^12` ikupatsani 7 pa 100 okha. Mwangofupikitsa moyo wa udzudzu pang'ono, koma wopatsira watsika kanayi. Ichi ndicho chifukwa neti yamankhwala ndi kupopera m'nyumba zimaposa kungochepetsa mphutsi, kumene kumatsitsa kufala kwa nthenda molingana chabe ndi udzudzu umene wachotsedwa. Wophunzira wolemba zimenezi ndi manambala ake sangakanizidwe malikisi.

Onjezani malire a kuyeza mphamvu ya mankhwala. Udzudzu umakhudzana ndi pepala lamankhwala kwa ola limodzi, ndipo wakufa umawerengedwa patatha maola 24. Ukafa 98 pa 100 kapena kuposa, mankhwala akugwira. Ukachepera 90, udzudzu wayamba kupirira, monga mmene funesitasi wa ku Chikwawa wachitira ndi mankhwala a m'maneti akale.

Masiku a 11 ndi 12 pitani ku labotale, mnzanu aphimbe mayina a zitsanzo, inu muzitchula dzina pamodzi ndi chizindikiro chimene mwaonera. Dzina lopanda chizindikiro ndi kulota chabe. Tsiku la 13 lembani pepala la chaka chatha, wotchi ili patsogolo, ndipo mayina achilatini muwalembe monga alili m'buku lanu. La 14 onaninso zimene munaphonya, mutseke buku dzuwa likamalowa, mukagone.

Ngati nthawi yakutherani ndipo masiku atsala ochepa, dulani tizilombo ta kutali. Udzudzu ndi masamu awiri aja musayerekeze n'komwe kuzidula.