Lisiti Lotha Ukangoliona Si Umboni

Abale anga, tileke kulandira malisiti pa View once. Kuyambira 2021, WhatsApp imalola munthu kutumiza chithunzi chotsegula kamodzi kokha. Ukachitseka, basi chapita, pamangotsala mawu oti Opened. Sichisungika mufoni, sungachitumize kwa wina, ndipo sikilinishoti imakana.

Mchemwali wanga amagulitsa zitenje. Kasitomala wina anawatumizira lisiti mwanjira imeneyi, ati walipira K45,000 pafoni. Iwo anangoona ndalamazo, n'kupatsira wakabaza katundu. Kufika madzulo ndalama osalowa.

Lisiti labodza limagwidwa poliyang'ana kachiwiri modekha: nambala ya lisiti, tsiku, ola, ndi manambala amene aoneka kuti wina anachita kumatapo. Nanga uyang'ana chiyani chithunzi chitafufutika? Ngakhale bakapu siibweza chithunzi chimene chinatsegulidwa kale. Kupolisi akaonetsa chiyani, mawu oti Opened?

Ena amati n'kusunga chinsinsi. Chinsinsi chanji pa lisiti la ndalama zanga zomwe? Wolipiradi saopa kuti umboni wake ukhalitse.

Akakutumizirani chotere, musathamangire kutsegula. Auzeni atumize bwinobwino, ndipo katundu asachoke musanaone balansi yanu.