Tor sibisa zonse

Lachiwiri lapitali pa depoti ya Dedza ndinamva mnyamata wina akudzitama kuti poti ali ndi Tor Browser, palibe angamutulukire. Ndinamumvera chisoni. N'zoona kuti Tor imakuta uthenga katatu n'kuudutsitsa pa makompyuta atatu. Yoyamba imaona adiresi ya IP ya foni yanu koma sidziwa kumene mukupita, yapakati imangodziwa zinzake ziwirizo, yotsiriza imadziwa kopita koma osati inuyo. Komatu chitetezocho chimathera m'bulawuza momwemo. Mukakopera fayilo ya PDF n'kuitsegula ndi pulogalamu ina deta ili chiyatsire, fayiloyo ikhoza kukatenga chithunzi pa intaneti osadzera ku Tor, adiresi yanu n'kuonekera poyera. Airtel kapena TNM nawonso amaona kuti mwalumikiza ku Tor, ndipotu simukhadi ija munailembetsa ndi chiphaso cha unzika.