Lonjezo si ndalama, musaliwerengere mu lipoti

Azakhali anga ndi msungichuma wa komiti yomwe ikusonkhetsa ndalama zofolera sukulu ya mkombaphala kwathu ku Ndirande. Mwezi watha anatuluka pamsonkhano akulira, atanenedwa kuti adya K150,000. Sanadye ngakhale tambala. Chomwe chinawapachika ndi lipoti lawo lomwe.

Nditaliwerenga, ndinapeza kuti ndi masamba anayi olembedwa motsatira masiku: Lolemba uje wapereka, Lachiwiri tagula misomali ku Limbe, Lachitatu uje walonjeza. Zonse zinali zoona, koma munthu womvetsera ali pabenchi sangawonkhetse zimenezo m'mutu. Choipitsitsa, pamapeto analemba kuti "zapezeka K700,000", ataphatikizamo K150,000 yomwe anthu anangolonjeza pa tsiku la ndawala koma sanabweretse. Anthu anachita masamu awo, naona kuti ndalama yotsala ikuperewera ndi K150,000 yomweyo.

Tinakhala pansi Loweruka n'kulembanso pa tsamba limodzi. Pamwamba tinayamba ndi ndalama yomwe inatsala pamsonkhano wapitawo, K50,000, chifukwa lipoti losayambira pomwe linzake linathera silingatsimikizike. Kenako zolowa zenizeni, m'magulu awiri okha: zopereka za mabanja K320,000, za ndawala K230,000. Zonse pamodzi ndi yotsala ija, K600,000. Zotuluka tinaziikanso m'magulu, malata paokha, matabwa ndi misomali, mmisiri, thiransipoti, ndipo zinakwana K535,000. Yotsala ndi K65,000.

Pamenepo ndinati, "Azakhali, ndalama imeneyi ili kuti?" Anamasula kachikwama, tinawerenga K25,000. Pafoni panali K40,000. Zinagwirizana, koma titavutika kaye: poyamba zinkasiyana ndi K5,000, mpaka tinaona m'mauthenga a pafoni kuti ndi ndalama zomwe zimadulidwa potapa kwa ejenti. Aliyense wolandira zopereka pa Airtel Money kapena TNM Mpamba azilemba zodulidwazi ngati zotuluka, apo ayi tindalama timeneti tidzamutcha wakuba.

Malonjezo aja tinawaika pansi penipeni, kunja kwa masamu, pamutu wakuti "Zomwe tikudikira". Mayina sitinalembe. Azakhali ankafuna kuwatchula onse, mkwiyo usanathe, koma kuchititsa munthu manyazi pagulu sikubweretsa ndalama.

Mnzanga wina amene akuphunzira zowerengera ndalama ku MUBAS akuti tsamba limodzi limabisa zambiri, ndipo wakuba angalikonde. Ali ndi mfundo, koma sindikugwirizana naye. M'masamba anayi osokonekera ndi momwe ndalama imasowera bwino, chifukwa palibe amene amafika kumapeto. Kope lija la masiku silinatayidwe. Limakhala patebulo pamodzi ndi malisiti, ndipo amene akukayikira mtengo wa malata atsegule aone yekha.

Pamsonkhano wotsatira azakhali anawerenga tsambalo, mlembi akulemba manambala pabolodi. Bambo amene anayambitsa nkhani yakuba ija sanapepese. Anangofunsa kuti anthu olonjeza aja awatsatira liti.