Kufufuta uthenga sikuchotsa zomwe zalembedwa kale mufoni ya mnzako

Pa foni zathu pali batani limene limalonjeza zoposa zomwe lingachite, ndipo anthu a kuno ku Phalombe akudana chifukwa cha ilo. Ndikunena za `Delete for everyone` la pa WhatsApp. Munthu amatumiza uthenga molakwitsa, nkuufufuta mwamsanga, mtima nkukhala pansi. Mawa lake amamva mnzake akumubwerezera mawu omwewo, liwu ndi liwu. Apa m'pamene milandu imabadwira. Wina amati foni yake yalowedwa ndi akuba, wina amaloza mnyamata wotchaja mafoni pamsika, wina amakayikira mkazi wake. Nthawi zambiri palibe amene waba kanthu. Foni ya wolandirayo inalemba uthengawo m'buku lake pomwe unafika, ndipo bukulo WhatsApp ilibe nalo mphamvu.

Mufoni ya Android muli eni nyumba awiri amene timawasokoneza. Woyamba ndi WhatsApp, imene imasunga macheza anu. Wachiwiri ndi Android yeniyeniyo, imene imayendetsa foni yonse. Uthenga ukafika inu musanatsegule machezawo, WhatsApp imaumasula, nkupereka dzina la wotumiza ndi mawu ake kwa Android kuti ikuonetseni pamwamba pa sikilini foni ikamalira. Chimenechi ndicho chidziwitso. Kuyambira pamenepo mawu aja ali m'manja muwiri. Zili ngati mlendo wofika pasukulu: mlonda amamulemba m'buku la pachipata asanalowe. Kwawo akamuitana kuti abwerere, amabwereradi, koma dzina lake limatsala m'bukumo chifukwa bukulo ndi la sukulu.

Mukadina `Delete for everyone`, foni yanu sipita kukalanda kanthu. Imangotumiza uthenga wachiwiri, wosaoneka, wopempha WhatsApp ya mnzanuyo kuti ichotse woyamba uja. WhatsApp ya kumeneko imamvera. Imachotsa mawuwo m'macheza, nkusiyapo `This message was deleted`, ndipo chidziwitso chapamwamba chija imachichotsa kapena kuchisintha. Mphamvu yake imathera pomwepo. Zomwe Android inalemba kale pa nthawi yomwe foni inalira zimakhalabe.

Ena amati, nanga paja amatiuza kuti mauthenga a WhatsApp ndi otsekedwa kuchokera kwa wotumiza mpaka kwa wolandira? Nzoona, ndipo zakhala choncho kuyambira mu 2016. Koma loko ameneyu amateteza uthenga uli panjira, kuti TNM, Airtel kapena kampani ya WhatsApp isauwerenge. Ukafika, uyenera kutsegulidwa kuti mwini foni auone, ndipo chidziwitso chimapangidwa ndi mawu otsegulidwa kale.

Nkhaniyi si ya lero. WhatsApp inabweretsa batanili chakumapeto kwa 2017, ili ndi malire a mphindi 7. Pasanathe mwezi, anthu anali ataonetsa kale kuti mauthenga ofufutidwa akuwerengeka m'kaundula wa zidziwitso wa Android. Chomwe chakhala chikusintha kuyambira pamenepo ndi nthawi yokha: mu 2018 malire anafika pa ola limodzi ndi mphindi zochepa, mu 2022 anapitirira masiku awiri. Mu 2020, Android 11 inatulutsa bukuli poyera ndi dzina lakuti `Notification history`, lomwe limasunga zidziwitso za maola 24 apitawo. Kampani imodzi inkatalikitsa nthawi yofufutira pamene ina inkafewetsa njira yoonera zofufutidwazo, ndipo dzina la batani silinasinthe.

Tiyerekeze chonchi. Msungichuma wa banki mkhonde ya ku Migowi ali kuchipatala ndi wodwala, ndipo foni imene ili ndi ndalama za gulu waisiya kunyumba. Akufuna kuuza mwana wake nambala yachinsinsi kuti akatape ndalama kwa ejenti. Pa foni yake ina akulemba kuti, “Mwanangu, pini ndi iyi, ukatape madzulo.” Koma chifukwa cha changu wauponya m'gulu la mamembala onse. Patapita mphindi zitatu wazindikira, nkufufuta kwa onse. Tsopano tiyende foni ndi foni.

Mayi wina wa ku Nambazo foni yake inali yozima, batire latha kuyambira dzulo. Akadzayatsa, uthenga ndi pempho loufufuta zidzafika pamodzi, ndipo kawirikawiri adzangopeza kuti panali china chake chomwe chafufutidwa. Mlembi wa gulu anali ali m'machezamo nthawi imeneyo. Foni yake sinapange chidziwitso, choncho m'buku mulibe kanthu, koma anawerenga ndi maso ake. Bambo wina anatseka phokoso la gululo kalekale, ndiye kwa iye chidziwitso sichinabwere. Koma pali mtsikana wina amene anayatsa `Notification history` mwezi watha pofuna kuti asamaphonye mauthenga a ogula nandolo. Foni yake inalira ali kumunda. Madzulo akuona kuti msungichuma wafufuta kanthu, nkutsegula bukulo, nkupeza dzina la gulu, nthawi, ndi mawu onse. Uthenga wautali ukanadulidwa pakati, chithunzi kapena mawu ojambulidwa zikanangotchulidwa kuti zinabwera. Koma pini ndi manambala ochepa chabe, ndiye imakwana yonse. Chomvetsa chisoni nchakuti mauthenga oopsa kwambiri amakhala aafupi: pini, dzina la munthu, kuchuluka kwa ngongole, zotsatira za magazi.

Msungichuma uja akadzayang'ana, adzanyengedwa kachiwiri. Tinazolowera kuti matiki awiri a buluu ndiwo amasonyeza kuti munthu wawerenga. Koma wowerengera pa chidziwitso, kapena m'buku la zidziwitso, sasintha matikiwo kukhala a buluu, chifukwa sanatsegule macheza. Chizindikiro choyenera kuyang'ana musanafufute ndi china. Tiki imodzi yotuwa ikutanthauza kuti uthenga wachoka kwa inu koma sunafike pa foni ya mnzanu, ndipo apo mwayi ulipo. Matiki awiri, ngakhale otuwa, akutanthauza kuti wafika, ndiye muyese kuti waoneka. M'gulu ndi movutirapo, chifukwa tiki yachiwiri imadikira kuti onse alandire. Foni imodzi yozima ya ku Nambazo ija ingakusungireni tiki imodzi tsiku lonse pamene ena onse alandira kale. Kuti mudziwe zoona, dinani uthengawo kwa kanthawi, musankhe `Info`, muone mayina a amene wawafikira. Koma zimenezi ziyenera kuonedwa uthenga usanafufutidwe, ndipo munthu amene mtima uli m'mwamba sakhala ndi mphindi yotero.

Apa ndi pamene ndikuimba mlandu eni WhatsApp. M'masamba awo a thandizo amavomereza okha kuti olandira angathe kuona uthenga usanafufutidwe, ndiponso kuti kufufutako kukalephereka simudzauzidwa. Nanga bwanji chenjezo limeneli lili kutali, m'Chingerezi, pamalo pomwe mlimi wa ku Chiringa sadzafikapo, pamene lonjezo lakuti “kwa aliyense” lili pansi pa chala chake? Mzere umodzi wooneka pa nthawi yofufutayo, wonena kuti uthengawu wafika kale pa mafoni angapo ndipo mwina waonedwa, ukanakwanira. Iwo akudziwa mafoni omwe alandira, pakuti ndiwo amatiikira matiki.

Ena adzati vuto ndi Android, bukulo lichotsedwe. Ine ndikukana. Foni ndi ya wolandira, ndipo ali ndi ufulu wosunga zomwe zafika pa foni yake. Mayi amene akutumiziridwa mawu oopseza usiku, nkumafufutidwa m'mawa kusanache, bukuli lingakhale umboni wake wokhawo wopita nawo kwa amfumu kapena kupolisi, bola ajambule sikilini maola 24 asanathe. Komanso bukuli lili ndi malire omveka. Limabwera lozimitsidwa, ndipo silibweza zakale: mukaliyatsa lero, zadzulo simuzipeza. Pa iPhone palibe buku lotere. Pa foni zambiri za Android limapezeka pa `Settings`, kenako `Notifications`, kenako `Notification history`. Pa Samsung lili mkati mwa `Advanced settings`, ndipo mafoni ena otchipa alibiretu.

Chomwe ndimadana nacho ndi mapulogalamu amene achinyamata amaikirana, olonjeza kuonetsa mauthenga onse ofufutidwa. Alibe matsenga ena alionse. Amapempha chilolezo cha `Notification access`, nkumakopera chidziwitso chilichonse chofika, ndipo sataya pakatha maola 24. Amene amapereka chilolezo chimenechi pofuna kudziwa zomwe bwenzi lake linafufuta wapatsanso munthu wosamudziwa mwayi wowerenga mauthenga a Mpamba, a Airtel Money, ndi manambala otsimikizira amene banki imatumiza. Kuno kumene foni imasiyidwa kotchajitsa tsiku lonse, nkubwerekedwanso kwa mlamu madzulo, munthu wina angathe kukuikirani pulogalamu yotere inu osadziwa. Lembani mawu akuti `Notification access` pa malo ofufuzira mu `Settings`, muone mndandanda wa omwe ali ndi chilolezocho, ndipo amene simukumudziwa mumulande. Kuwerenga zomwe zafika pa foni yako ndi nkhani ina, koma kulowa m'foni ya mwini popanda chilolezo n'kumene lamulo la 2016 loona za mauthenga a pakompyuta ndi chitetezo cha pa intaneti limaletsa. Ngati foni yanu imagwiridwa ndi manja ambiri, bukuli lizimitseni, ndipo macheza ovuta muwatseke ndi `Chat lock`, imene WhatsApp inabweretsa mu 2023. Macheza otsekedwa chotero saonetsa dzina kapena mawu pa chidziwitso, ndiye Android imasowa cholemba. Koma izi zimateteza foni yanu yokha. Ya mnzanu amasankha ndi mwini wake.

Tsono msungichuma uja achite chiyani? Afufutedi, pakuti kutero kumathandiza kwa omwe sanalandire. Koma asaime pomwepo nkumadzilimbitsa mtima ndi matiki otuwa. Pini payokha siiba ndalama, wakuba amafunikanso foni kapena simu imene ili ndi akauntiyo, ndiye ntchito yoyamba ndi kuimbira mwana uja kuti foni isachoke m'manja mwake. Yachiwiri ndi kusintha pini nthawi yomweyo, yatsopanoyo nkuinena pakamwa poimba. Yachitatu, imene ambiri amaiopa, ndi kuuza wapampando ndi mlembi zomwe zachitika tsiku lomwelo, kuti aone limodzi ndalama zomwe zilipo. Akabisa, nkudzasowa ngakhale K500 mwezi wamawa, gulu lidzakhala ndi anthu awiri owakayikira: msungichuma amene anakhala chete, ndi mtsikana wogulitsa nandolo uja amene sanalakwe chilichonse.