PS4 ya salaula: osalipila mukalibe kuiyasha

Mwapeza PS4 yochipa mu tauni, ogulitsa akuti "ili chabe bwino, boi, koma kulibe malaiti." Ndalama ikhale m'thumba. Pitani nayo pamene pali malaiti na TV.

Yambani kumbuyo. Pamasikuluu pamakhala tumasitika twa ku fakitale. Ngati twang'ambika, olo mitu ya masikuluu yadyeka, makina anatsegulidwapo. Mwina anali kuchotsa chabe fumbi, koma funsani. Akayamba kuzungulila, mtengo utsike.

Manje unikani na tochi ya foni mu kamwa ka HDMI. Tumawaya twa mkati tufunika kukhala toongoka. Ikani kebo, yatsani gemu, mugwedeze kebo pang'ono. Chithunzi chikathima-thima, poloŵela pamasuka, ndipo kukonza kwake kufuna fundi wa kuwochelela, osati kebo yatsopano. Seŵelani mphindi 20 kuti mumve ngati fani ilila monga ndeke olo makina azizimitsa okha.

Msampha waukulu ni magemu "odzala kale". Magemu odawunilodi amakhala pa akaunti ya amene anawagula. Mwini wake akachotsa PS4 iyi pa "Activate as Your Primary PS4", gemu iliyonse imaonetsa kaloko, ndipo mwasala na bokosi chabe. Lipilani mtengo wa makina na madisiki, osati magemu a munthu wina.

Pomaliza, lumikizani intaneti ya pa foni, muloŵe na akaunti yanu ya PSN. Ikakana, bwezani. Ogulitsa woona mtima saopa mphindi 30.